"Kapu Imodzi pa Phando": Kafunsidwe ka Ulemu m'Minda ya Fodya kwa Njombwa

Inali Disembala, fodya atagwira bwino m'mizere patatha masabata atatu chiwokerereni. Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anali m'chaka chake choyamba cha ntchito pa esiteti ina kwa Mfumu Yaikulu Njombwa, m'boma la Kasungu. Madzulo ena poweruka, kapitawo anamuitana pamodzi ndi anzake awiri n'kuwauza ali chiimire, phazi limodzi lili kale pa njinga: "Mawa mukathire CAN m'munda wakumadzulo uja. Kapu imodzi pa phando. Matumba atatu akwana." Anyamata aja anayankhira pamodzi kuti, "Eya, akapitawo." Kapitawo anapalasa njinga n'kumapita.

M'mawa mwake anatenga matumba atatu kusitolo ya pa esiteti n'kuyamba ntchito. Kwawo mnyamatayu anakula akuona bambo ake akuboola maenje awiri, kuno ndi uko kwa tsinde, n'kuthira kapu m'dzenje lililonse. Iye anamva kuti kapu imodzi ikutanthauza kapu imodzi pa dzenje, ndipo anzake, poona kuti akugwira mosakayika, anamutsatira. Dzuwa lisanapendeke matumba onse atatu anali atatha, munda utangopitirira pakati pang'ono.

Munda unali wa hekitala imodzi. Mizere ikatalikirana masentimita 120 ndipo mapando akatalikirana masentimita 60, monga ambiri amabzalira fodya wa bale, pa hekitala pamakhala mitengo ya fodya pafupifupi 13,900. Kapu imene anapatsidwa inkanyamula magalamu pafupifupi 10 ikasalazidwa pamwamba. Kapitawo anawerengera bwino lomwe, chifukwa magalamu 10 pa mtengo uliwonse ndi makilogalamu 139, ndipo matumba atatu a makilogalamu 50 akanakwana n'kutsalako pang'ono. Koma pa magalamu 20, matumba omwewo amathera pa mitengo 7,500. Mitengo yoposa 6,000 inatsala yopanda feteleza.

Kapitawo atafika sanafunse za kapu. Funso lake loyamba linali lakuti, "Feteleza mwagulitsa kwa yani?" Pa esiteti feteleza akasowa, maganizo a aliyense amathamangira ku umbava. Zinatengera kufukula mapando angapo kuti aone maenje awiriawiri ndi kukhulupirira kuti feteleza ali m'nthaka. Mtengo wa matumba owonjezera anaudula pa malipiro a anyamata atatuwo. Fodya wa mbali yoyamba anakula wobiriwira kwambiri, wamasamba okhuthala, anachedwa kukhwima ndipo m'chigafa anauma movuta. Wa mbali inayo analandira feteleza mochedwa, n'kutsalira.

Nditamufunsa chifukwa chake sanafunse, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amalume, mumtima ndinakayikadi. Koma ndinaopa kuti aziti sindidziwa ntchito, kapena aziti ndikuwayesa nzeru."

Mantha awiri amenewa sanabadwe ndi iye. Ali ndi mbiri yake m'dera lino. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kunali konkuno ku Kasungu, maesiteti a fodya anachuluka kwambiri, ndipo kufikira cha m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono a pa malo a mafumu sankaloledwa kulima bale. Amene ankafuna kulima fodyayu koma alibe esiteti ankalowa utenanti. Ambiri ankachokera kutali, ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi. Tenanti ankalandira chimanga, mchere, feteleza ndi zipangizo pangongole, n'kugulitsa fodya wake kwa mwini esiteti yekha, pa mtengo umene mwiniyo wanena. Munthu wotere, wokhala m'nyumba ya pa malo a bwana, wodya ufa wa bwana, wopanda ndalama yobwererera kwawo, ankadziwa kuti funso limodzi lomveka molakwika likhoza kumuchotsetsa mvula ili mkati. Lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021, utenanti unaletsedwa, koma chizolowezi chovomera msanga sichinathe ndi lamulolo. Makolo anasiyira ana awo "eya bwana" ngati chishango.

Ine ndimakhulupirira kuti "eya" wa munthu amene sanamve si ulemu. Ndi ngongole imene amalipira onse awiri, wolamula ndi wolamulidwa. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo sananene kuti mwambiwu ndi wa apaulendo okha. Chovuta si kudziwa kuti kufunsa n'kwabwino, chifukwa aliyense amadziwa. Chovuta ndi kafunsidwe kamene sikachititsa manyazi wofunsa ndiponso sikagwedeza mpando wa wofunsidwa. Anthu okhalitsa pa maesiteti amakadziwa bwino kafunsidwe kameneka, ndipo ndi kwa iwo kumene ndinakaphunzira.

Mvetserani tenanti wakale kapena wantchito wa zaka zambiri akamalandira malangizo. Sanena kuti "sindinamve." Amabwereza zimene wamva, m'mawu ake, n'kusiya mpata woti wamkulu akonze. Akanakhala iye madzulo aja, akanati: "Zikomo akapitawo. Ndiye kuti kapu imodzi pa mtengo uliwonse, dzenje limodzi, yosalaza pamwamba. Ndamva bwino?" Kapitawo akanangoti "eya," kapena "ayi, igaweni pawiri, theka kuno theka uko," n'kupalasa njinga yake. Sizikanatha ndi mphindi yomwe.

Mphamvu ya kabwerezedwe kameneka ili pawiri. Wofunsa waonetsa kuti akudziwa kuti pali kuthira kwa dzenje limodzi ndi kwa maenje awiri, pali kapu yosalaza ndi yotumphuka. Wosadziwa ntchito sangafunse funso lotero. Komanso wamkulu watsala pamalo pake ngati wogamula. Palibe amene wamuuza kuti walankhula mosamveka. Ngati pali cholakwa, chaikidwa pa khutu la wofunsa, ndipo n'chifukwa chake mawu oti "ndamva bwino?" kapena "mwina ndaphonya ine" amagwira ntchito kuposa "simunafotokoze." Nkhani ya kapu yotumphuka si yaing'ono ayi. Magalamu 4 okha owonjezera pa mtengo uliwonse, pa hekitala yonse, amapitirira thumba lathunthu.

Pali mawu amodzi amene amapsetsa mtima akuluakulu ambiri kuno, ndiwo "bwanji." Mnyamata akati "Tithire kapu imodzi bwanji?" kapena "Chifukwa chiyani?", mwina iye akungofuna kudziwa, koma khutu la wamkulu limamva kuti akumuimika pa bwalo kuti adziteteze. Funso lofuna chifukwa limakhudza nzeru za wolamula, pomwe funso lofuna muyeso, malo kapena nthawi limakhudza ntchito yokha. "Kapu iti, yaing'ono ija kapena yaikulu?" "Tiyambire kumsewu kapena kudambo?" "Timalize lero kapena tipitirize mawa?" Mafunso oterewa amayankhika ndi mawu amodzi, ndipo wamkulu amayankha asanaganize n'komwe zoti wafunsidwa. Chifukwa chake cha lamulo chili ndi nthawi yake. Ntchito ikatha, mutakhala pansi pa mtengo, mukhoza kunena kuti, "Akapitawo, ndimafuna ndiphunzire. Chaka chino tathira pang'ono kusiyana ndi mmene ndinaonera kwathu. Mumaona chiyani pa fodya kuti mudziwe muyeso?" Apo mwamupempha kuti akhale mphunzitsi, ndipo ndi akulu ochepa amene amakana ulemu umenewo.

Njira imene ine ndimaikonda kuposa zonse ilibe mawu ambiri. Ndiyo kugwira pang'ono n'kuitana mwini ntchito kuti aone. Thirani mzere umodzi, osakwirira maenje, n'kunena kuti, "Tabwerani muone ngati ndikukhoza ndisanapitirire." Imagwira ntchito kwambiri posankha fodya, pamene mawu sakwanira. Mwini fodya akhoza kunena kuti, "Wofiirira payekha, woyezuka payekha, wong'ambika ndi wamawanga pambali." Koma kufiirira kumathera pati, kuyezuka n'kuyambira pati? Anthu awiri akhoza kuyang'ana tsamba limodzi n'kulitchula mosiyana, makamaka m'shedi momwe kuwala n'kochepa. Wosankha wanzeru amamanga ndindi zitatu kapena zinayi zoyamba, n'kupita nazo kwa mwini wake: "Mayi, izi ndaziika pamodzi, ili ndalipatula chifukwa ndi la pansi. Ndi momwemo?" Akavomereza, ndindi zimenezo azipachike patsogolo pake kuti zikhale muyeso wa tsiku lonse. Tsamba lokayikitsa aliike pambali, akadzadutsanso mwini wake afunse za onse okayikitsawo nthawi imodzi, m'malo momuitana pa tsamba lililonse.

Phindu lake limaonekera ku okushoni. Belo la makilogalamu pafupifupi 100 likafika ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ogula amasolola ndindi m'katikati. Akapeza magiredi osakanikirana, fodya wonyowa, wankhungu, kapena ulusi wa thumba la pulasitiki, belolo limatsika mtengo kapena kubwezedwa kuti likasankhidwenso. Kumasula belo, kusankhanso, kudindanso pa jeke ndi kulipiranso mayendedwe ndi ntchito ya masiku, ndipo yonseyo ikanapewedwa ndi ndindi zitatu zoonetsedwa m'mawa wa tsiku loyamba. Ndaona amayi osankha fodya amene sanapiteko kusukulu akuchita zimenezi mwaluso, ndipo eni fodya amawalimbirana chaka ndi chaka. Palibe amene amawatcha osadziwa ntchito.

Malo ofunsira nawo ndi nkhani. Funso lomwelo, likafunsidwa pa mzere wa m'mawa pamaso pa antchito makumi atatu, limasanduka chiyeso. Kapitawo akakhala kuti sakudziwa yankho, kapena akazindikira kuti analakwitsa ndi iye, amayankha mokalipa kuti ateteze nkhope yake. Dikirani gulu libalalike, mutsatireni masitepe angapo, vulani chipewa, tsitsani mawu: "Pepani akapitawo, kamodzi kokha." Koma musadikire mpaka ntchito itayambika. Nthawi yabwino ndi pamene thumba lisanamasulidwe, mankhwala asanasungunulidwe, belo lisanasokedwe. Funso lobwera ntchito itaonongeka limamveka ngati kudzikanira mlandu.

Nanga malamulo akakhala awiri osemphana? Izi zimachitika kawirikawiri masiku ano, pamene fodya wambiri akulimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, dongosolo limene linakhazikika kuyambira mu 2012. Mlangizi wa kampani amadutsa pa njinga yamoto n'kunena kuti fodya athenedwe sabata ino, asiyidwe masamba akutiakuti. Mwini munda, amene ndi atsibweni anu ndipo anayamba kulima fodya inu musanabadwe, amati dikirani maluwa aoneke bwino. Kulakwa kwakukulu ndi kupita kwa atsibweni n'kunena kuti, "Koma alangizi anati..." Mawu oti "koma" awaika pa mpikisano ndi mwana wa dzulo, ndipo sangagonje pamaso panu. Atengereni nkhaniyo ngati uthenga wofuna chigamulo chawo: "Atsibweni, alangizi aja anadutsa inu kulibe. Anasiya mawu akuti tithene sabata ino. Ndati ndisagwire kanthu ndisanamve kwa inu. Titani?" Uthenga wafika wonse, ndipo mwini munda wapatsidwa mpata wosintha maganizo popanda kuoneka wogonja. Akaumirira pa zake, munda ndi wake, koma wasankha akudziwa zonse ziwiri.

Kumudzi nako kuli njira zake, ndipo ana obadwira kuno amazidziwa. Amfumu akagamula za malire a munda n'kunena kuti "kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa muwanga," pomwe pali zulu ziwiri, sudzuka pabwalo n'kuwabweza mawu. Umaomba m'manja, n'kupempha kudzera mwa nduna kuti, "Gogo Chalo alankhula ndipo tamva. Tikupempha kuti atitumizire anthu akatiloze chulucho, kuti ife ana tisakalakwitse." Mkamwini amene sanamvetse zimene apongozi ake anena za dimba amadzera mwa mkazi wake kapena mwa ankhoswe. Njira ndi yomweyo ya ku esiteti: chigamulo chatsala cha mwini wake, ife tangopempha kuti atiloze.

Ndiyenera kunena poyera kuti pali malo awiri pamene ulemu suyenera kutseka munthu pakamwa, ngakhale wamkulu atakwinya nkhope. Oyamba ndi mankhwala. Wina akakupatsani botolo lopanda pepala lake n'kunena kuti "kachivindikiro kamodzi pa sipuleya," funsani dzina la mankhwalawo, funsani kuti chivindikiro chake ndi chiti, ndipo funsani kuti sipuleyayo ndi ya malita angati, chifukwa ilipo ya malita 16 ndipo ilipo ya 20. Mankhwala ochepa sapha tizilombo kapena mphukira, ochuluka amatentha mbewu, ndipo otsalira pa tsamba akhoza kukanitsa fodya kwa ogula. Choposa zonsezi, khungu ndi mapapo amene alandire mankhwalawo ndi anu. Mawu aulemu alipo: "Bwana, mankhwalawa sindinawagwirepo. Ndithandizeni kuyeza koyamba, ndione ndi maso anga." Akakana kukuuzani dzina lake kapena kukupatsani zodzitetezera, vuto silili pa kafunsidwe kanu.

Malo achiwiri ndi ndalama. Mikangano yowawa kwambiri pa fodya imabuka mu Julayi ndi Ogasiti, koma imabzalidwa mu Okutobala, pamene anthu amagwirizana ndi mawu ozungulira. "Tidzaona fodya akagulidwa." "Tidzakuganizirani." Munthu amachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka wadyera ntchito isanayambe. Pamapeto pake amamva kuti ufa uja, sopo uja, ndi ndalama ya kuchipatala ija zonse zinali ngongole. Ngakhale pa muyeso wa munda pali msampha. Ekala ndi hekitala zimamveka mofanana pakamwa pa munthu wolankhula mofulumira, koma hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Amene wavomera ganyu yopalira akuganiza ekala, mwini munda akunena hekitala, agwira ntchito yoposa kawiri pa mtengo womwewo. Afunse asanagwire khasu: "Tayendani nane mundionetse pothera." Pa malipiro anene kuti, "Pepani bwana, kunyumba akandifunsa ndikayankhe zoona. Ndalama yake ndi zingati, ndidzalandira liti, ndipo chimanga ichi n'chodula pa malipiro kapena ayi?" Kenako apemphe kuti zilembedwe m'kope, pali mboni, ndipo ponena atchule kuti "mutu umaiwala," kuti pasaoneke ngati akukayikira chilungamo cha bwana. Mlimi wa m'kalabu naye ali ndi ufulu wofunsa wapampando kapena mlangizi wa kampani kuti amuwerengere pepala la malonda mzere ndi mzere: kulemera kwa belo, mtengo pa kilogalamu m'madola, ngongole ya zipangizo, msonkho, mayendedwe ndi ndalama za mabungwe. Kufunsa za thukuta lako si mwano.

Sindinganame kuti njira zimenezi zimagwira kwa aliyense. Alipo mabwana amene funso lililonse, ngakhale lokutidwa bwanji, amalimva ngati chipongwe. Mumawadziwira pa yankho lawo: "Kodi ndiwe wogontha?" kapena "Ndanena kale." Kwa otere, funsani wantchito wakale amene amadziwa kalankhulidwe kawo, kapena gwirani mzere umodzi pamalo pamene adutse, kuti akonze okha osafunsidwa. Ndi njira yozungulira, ndipo imataya nthawi, koma imateteza malipiro anu. Esiteti ya bwana wotere imadziwikanso ndi zipatso zake: anthu onse amati "eya," ntchito n'kumabwerezedwa kawiri.

Muphwa wanga anakhalabe pa esiteti ija. Chaka chotsatira, nthawi ya nazale mu Seputembala, kapitawo yemweyo anamupatsa kapaketi ka mbewu n'kunena kuti afese mabedi. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, galamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 10,000, ndipo ukafesa mothinana mbande zimatuluka zowonda ndi zosachedwa kudwala. Mnyamata uja anadikira anzake apite kuchitsime, n'kunena kuti, "Akapitawo, kapaketika n'ka bedi limodzi kapena ndikagawe pa mabedi atatu onsewa? Ndisungunule m'kheni imodzi muone kaye." Kapitawo anatsika pa njinga, anagawa mbewuyo yekha pa pepala, n'kuimirira mpaka bedi loyamba litatha. Sanakalipe. Anangoti, "Ukanafunsa chonchi chaka chatha."

Mawu amenewo ndi oona, koma theka la mlanduwo ndi la kapitawo mwini. Munthu amene amapereka lamulo phazi lili pa njinga watseka yekha khomo la funso. Inu akapitawo, eni maesiteti, apampando a makalabu, atsibweni ndi alangizi a kwa Njombwa ndi Kasungu yense, mukapereka ntchito musafunse kuti "mwamva?", chifukwa mwana woleredwa bwino kuno sangakuyankheni kuti ayi. Muuzeni kuti, "Tandibwerezera zimene ndanena," ndipo imani pomwepo mpaka mzere woyamba uthe.